Buku la kopaletivu lili mu Excel: tidziwa bwanji kuti palibe wasintha manambala?

Msungichuma: Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu odziwa za makompyuta. Ine ndimasunga buku la kopaletivu yathu ya alimi: masheya, ngongole, zobweza, ndi makilogalamu a soya amene membala aliyense wabweretsa. Kale linali buku lapepala, pano zonse zili mu Excel ndipo mizere yatsala pang'ono kukwana 4,000. Pa msonkhano wapitawu mayi wina anaimirira n'kunena kuti ngongole yake ya chaka chatha yakula yokha. Sinakule ayi, koma ndinalibe chomuonetsa. Papepala munthu akafufuta pamaoneka, pakompyuta sipaoneka kanthu. Mphwanga wina wandiuza kuti pali zinazake zotchedwa tcheni cha mahashi ndi mtengo wa mahashi, zoti aliyense angathe kutsimikiza yekha kuti buku silinakhudzidwe. Kodi ndi zoona, kapena ndi nkhani za anyamata?

WaKuJoni: Amalume, imeneyo ndi bulokotcheni basi, buku la pa intaneti ngati limene ndalama ya Bitcoin imayenderamo. Ikani buku lanulo pa bulokotcheni, likalowa mmenemo palibe angalisinthe, ngakhale inuyo. Hashi imabisa zolembazo, wopanda kiyi sangaziwerenge.

Nachisale: Achimwene a ku Joni, mwaphatikiza zinthu ziwiri. Hashi sibisa kanthu ndipo ilibe kiyi. Mumatenga fayilo kapena mzere umodzi wa mawu, n'kuudutsitsa m'masamu enaake, ndiye kumatuluka nambala yautali wofanana nthawi zonse. Imene ambiri tikugwiritsa ntchito masiku ano ndi SHA-256, ndipo imatulutsa mabaiti 32, timiyeso ting'onoting'ono ta zosungidwa pakompyuta, amene akalembedwa amakhala zilembo ndi manambala 64. Kaya mwaikamo liwu limodzi, kaya filimu yathunthu, zotuluka ndi zilembo 64 basi. Taonani izi:

```
printf 'hello' | sha256sum
2cf24dba5fb0a30e26e83b2ac5b9e29e1b161e5c1fa7425e73043362938b9824

printf 'Hello' | sha256sum
185f8db32271fe25f561a6fc938b2e264306ec304eda518007d1764826381969
```

Ndangokulitsa chilembo choyamba chokha, koma hashi yasinthiratu yonse. Aliyense amene angalembe zomwezo pa kompyuta yake, kulikonse padziko, apeza manambala omwewo. Ndipo mpaka lero palibe amene wapeza zolemba ziwiri zosiyana zotulutsa SHA-256 imodzi. Ndiye bambo Msungichuma, mukapereka hashi ya buku lanu kwa mamembala lero, chaka chamawa angathe kuwerengeranso n'kuona ngati ikufanana. Bulokotcheni si yofunika pamenepa. Iyo inangobwereka njira zimenezi, inazipeza zilipo kale.

Mayi a Tadala: Pepani kulowerera. Ine fulashi yanga inaonongeka, munali maripoti a sukulu a chaka chonse. Ndiye hashi imeneyi ikanandibwezera mafayilo anga?

Nachisale: Ayi mayi, pepani. Zilembo 64 sizingasunge maripoti a chaka chonse. Hashi imangokuuzani ngati fayilo imene muli nayo ndi yomwe ija kapena yasintha. Kubweza zotayika ndi ntchito ya kope lachiwiri losungidwa pena.

Msungichuma: Ndayesa zimene mwanenazi pa laputopu, mphwanga anandilembera lamulo ili:

```
certutil -hashfile buku.xlsx SHA256
```

Zatuluka zilembo zambirimbiri zija. Koma nditatsegula fayiloyo n'kuisunganso, osasintha nambala ngakhale imodzi, hashi yasintha. Nanga pamenepa anthu sanditenga ngati wakuba?

Nachisale: Angakutengenidi. Fayilo ya Excel imasunga zambiri zimene simuziona, monga nthawi imene mwaisunga komaliza ndi malo amene munasiya kachizindikiro. Hashi siiona tanthauzo, imaona mabaiti. Nchifukwa chake simuyenera kuwerengera hashi ya fayilo ya Excel. Tulutsani mizereyo ngati mawu wamba, monga CSV, ndipo mugwirizane kalembedwe kamodzi kosasintha: tsiku lizilembedwa 2024-03-07 nthawi zonse, ndalama zikhale 15000 osati 15,000 kapena 15000.00, pasakhale mpata wapadera kumapeto kwa mzere. Ngakhale mmene mzere umathera zimasiyana pakati pa Windows ndi Linux, Windows imaika mabaiti awiri, Linux imodzi. Kuntchito ndaona anthu akukangana tsiku lonse poganiza kuti wina waba, chonsecho ndi kabaiti kamodzi kameneko.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Nachisale, ine ndinaphunzitsa masamu, ndiye ndifunse mwamasamu. Ngati hashi imodzi ya buku lonse ikukwanira, tcheni ndi mtengo n'zachiyani? Kodi sikungokometsera?

Nachisale: Funso labwino, aphunzitsi. Hashi imodzi ya buku lonse ili ndi mavuto awiri. Buku la bambowa limakula sabata iliyonse, ndiye hashi izisintha sabata iliyonse, ndipo membala sangasiyanitse kusintha kobwera chifukwa choonjezera mzere watsopano ndi kobwera chifukwa chokonza mzere wakale mwachinyengo. Vuto lina, kuti mayi uja atsimikize mzere wake umodzi, afunika kupatsidwa buku lonse, ndi ngongole za anzake onse.

Tcheni chimathandiza pa vuto loyamba. Mzere uliwonse umanyamula hashi ya zonse zam'mbuyo mwake:

```
h1 = SHA256(mzere1)
h2 = SHA256(h1 + mzere2)
h3 = SHA256(h2 + mzere3)
```

Kuphatikiza kumeneko si kwa masamu, ndi kungolumikiza ziwirizo, china kutsogolo china kumbuyo. Munthu akasintha mzere 2, h2 isintha, ndiye h3 isintha chifukwa h2 ili m'kati mwake, mpaka hashi yomaliza. Ubwino wake ndi woti amene anasunga h3000 ya chaka chatha angayambire pomwepo, n'kuonjezera mizere yatsopano yokha, n'kuona ngati akufika pa hashi ya lero. Kuipa kwake, ngati mzere wanu ndi wa 12 ndipo tcheni chafika 4,000, muyenera kuyenda mizere yonse yotsalayo, umodziumodzi, kuti mukafike pa hashi imene inalengezedwa.

Mtengo umafupikitsa ulendo umenewo. Anauganiza ndi Ralph Merkle wa ku Amerika cha m'ma 1979, nchifukwa chake ena amautchula dzina lake. Tiyerekeze kuti buku lili ndi mizere 8 yokha. Mzere uliwonse muupezere hashi yake, amenewo ndiwo masamba, T1 mpaka T8. Kenako muwaphatikize awiriawiri kuti mupeze nthambi, mpaka patsale hashi imodzi, muzu:

```
A = SHA256(T1 + T2)    B = SHA256(T3 + T4)
C = SHA256(T5 + T6)    D = SHA256(T7 + T8)
E = SHA256(A + B)      F = SHA256(C + D)
muzu = SHA256(E + F)
```

Muzuwo ndi umene mumalengeza. Tsopano tinene kuti mzere wa mayi uja ndi wa 6. Iwo ali ndi risiti yawo, ndiye T6 aipeza okha. Kwa inu angofuna mahashi atatu: T5, D ndi E. Alumikiza T5 ndi T6 n'kupeza C. Alumikiza C ndi D n'kupeza F. Alumikiza E ndi F n'kupeza muzu. Ukafanana ndi umene unalengezedwa, ndiye kuti mzere wawo unali m'bukumo monga mmene uliri pa risiti, ndipo sanaone ngongole ya munthu wina aliyense. Chongosamala ndi mbali: T5 ikhale kumanzere, T6 kumanja, chifukwa mukazitembenuza hashi ituluka ina.

Chimz: Zili ngati ndandanda ya chikho cha mpira eti? Matimu 8, timu imodzi kuti ikafike pa chikho imangokumana ndi matimu atatu, sisewera ndi onse.

Aphunzitsi Opuma: Mnyamata waganiza bwino, kungoti pa mpira wogonja amapita kwawo, pomwe pano onse awiri akukwera limodzi atasakanizidwa. Koma chiwerengero chake ndi chomwecho. Mizere ikawirikiza kawiri, umboni umangokula ndi hashi imodzi. Ndawerengera papepala: mizere 4,096 ifuna mahashi 12, amene ndi mabaiti 384. Mizere 1,048,576 ifuna mahashi 20, mabaiti 640. Apa ndagonja, si zokometsera.

Koma ndili ndi china chikundivuta. A Msungichuma, musakhumudwe, ndikungoyerekeza. Tinene kuti inu ndinu wakuba. Mwasintha mzere 6 usiku. Chikukuletsani n'chiyani kuwerengeranso T6, C, F ndi muzu watsopano, n'kuuika pamalo pa wakale? Kompyuta ichita zimenezo musanaphethire.

WaKuJoni: Sizingatheke aphunzitsi, hashi siisinthika.

Nachisale: Zingatheke ndithu, ndipo aphunzitsi afika pachimake pa nkhani yonse. Palibe chimene chimaletsa wosunga buku kuwerengeranso zonse. Tcheni ndi mtengo siziletsa kusintha. Ntchito yake ndi kuchepetsa chinthu choyenera kulondera: m'malo molondera mizere 4,000, mukulondera zilembo 64. Koma zilembo 64 zimenezo ziyenera kukhala pamalo pamene wosunga buku sangafikepo. Muzu ukamagona pa laputopu yomweyo limodzi ndi buku, mwangotaya nthawi.

Amene anayamba kulemba za tcheni chotere anaziona izi kalekale. Stuart Haber ndi Scott Stornetta, akugwira ntchito ku kampani ya kafukufuku ya Bellcore ku New Jersey, anafalitsa njira yawo mu 1991, yotsimikizira kuti chikalata cha pakompyuta chinalipo pa tsiku lakutilakuti ndipo sichinasinthidwe. Pambuyo pake anaonjezeramo mtengo wa Merkle kuti zikalata zambiri zizilowa pa hashi imodzi. Kampani imene inachokera pa ntchito yawoyo, Surety, inayamba mu 1995 kusindikiza hashi yake sabata iliyonse m'timalonda tating'onoting'ono ta nyuzipepala ya New York Times. Taganizani, akatswiri a makompyuta kukathera pa pepala! Chifukwa chake n'chosavuta: nyuzipepala ikasindikizidwa imamwazika m'manyumba ndi m'malaibulale ambirimbiri, ndipo ngakhale eni kampaniwo sangathe kukaitolera yonse kuti akasinthe chilembo chimodzi.

Msungichuma: Sindinakhumudwe aphunzitsi, ndi zimene mamembala amaganiza ngakhale sanena. Ndiye ife nyuzipepala yathu ingakhale chiyani? Ndaganiza zoti pa msonkhano wa mwezi ndizilemba muzuwo pa bolodi, mlembi azikopera mu maminitsi, wapampando n'kusainira. Kungoti zilembo 64 n'zambiri, anthu alakwitsa pokopera. Bwanji tizilemba 8 zoyambirira zokha?

Nachisale: Maminitsi osainidwa ndi abwino, makamaka ngati kope lina likupita kwa munthu wakunja kwa komiti. Koma zilembo 8 ayi, bambo. Zilembo 8 zili ndi mitundu pafupifupi 4.3 biliyoni yokha. Imaoneka nambala yaikulu, koma laputopu wamba imawerengera mahashi mamiliyoni pa sekondi. Wachinyengo angasinthe ndalama pa mzere 6, kenako n'kumaseweretsa malo a ndemanga, apa kadontho, apa kampata, kuyesa mpaka muzu wabodza utayamba ndi zilembo 8 zomwezo. Dzuwa lisanalowe akhala ataupeza. Lembani zonse 64. Zimakwana bwinobwino mu SMS imodzi, chifukwa SMS imalola zilembo 160. Tumizani kwa mamembala onse tsiku lomwelo, pamodzi ndi tsiku ndi chiwerengero cha mizere. Ena adzafufuta, ena foni idzatayika, koma onse sangataye.

Chimz: Chiwerengero cha mizere chikufunikiranji achemwali? Muzu wokha sukukwana?

Nachisale: Pa tcheni, munthu akadula mizere khumi yomaliza, chotsalacho chimaonekabe changwiro, mahashi onse amagwirizana. Chimene chingamugwire ndi hashi yomaliza ndi chiwerengero zimene zinalengezedwa. Pa mtengo pali kena. Mizere siikwana 8 kapena 16 nthawi zonse, ndiye pamatsala tsamba lopanda mnzake. Bitcoin imathana nazo pobwereza tsamba lomalizalo kawiri, ndipo mu 2012 anapeza kuti zimenezi zimachititsa ndandanda ziwiri zosiyana kukhala ndi muzu umodzi: ya mizere 1, 2, 3 ndi ya 1, 2, 3, 3. Kwa inu zingatanthauze kuti ngongole yomaliza yalembedwa kawiri koma muzu osasintha. Ndiye musadzipangire nokha kamangidwe ka mtengo, tengani kamene kanayesedwa kale.

Oditala: Ndakhala ndikungowerenga. Ine ntchito yanga ndi yofufuza mabuku a mabungwe ang'onoang'ono, ndiye ndifunse zimene ndimakumana nazo. Muzu wa Malichi ndi wa Epulo akhala osiyana, chifukwa mizere yaonjezeka. Membala adziwa bwanji kuti m'kati mwa buku la Epulo muli buku la Malichi lonse losakhudzidwa? Chinyengo chambiri chimachitikira pamenepo, mwezi ukamatha.

Nachisale: Pali umboni wake wapadera, ndipo ndi waufupinso. Njira imene ndimaikonda ndi ya Certificate Transparency. Mu 2011 akuba analowa m'makompyuta a DigiNotar, kampani ya ku Netherlands yopereka masetifiketi otsimikizira kuti webusaiti ndi yeniyeni, n'kutulutsa masetifiketi abodza, ina ya Google, imene inagwiritsidwa ntchito kuzonda anthu ku Iran. Kampaniyo inagwa chaka chomwecho. Zitatero, mu 2013 panatuluka dongosolo lakuti setifiketi iliyonse izilembedwa m'mabuku apoyera omangidwa ngati mtengo wa mahashi, ongoonjezeredwa kumapeto, ndipo kuyambira 2018 pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ya Chrome imakana masetifiketi atsopano amene sanalembedwemo. Nthawi iliyonse mukatsegula webusaiti ya banki pa foni, mukudalira mitengo imeneyi.

Kamangidwe kawo ndi aka: mizere ikakhala yosakwana bwino, amaigawa pa nambala yaikulu kwambiri mwa 2, 4, 8, 16 ndi kupitirira imene ili yochepera chiwerengero chonse. Ndiye tinene Malichi anatha ndi mizere 8 ija, Epulo yafika 12. Mtengo wa Epulo ugawika pawiri: kumanzere mizere 1 mpaka 8, kumanja 9 mpaka 12. Kumanzereko ndi mtengo wa Malichi ndendende. Tikaitcha G hashi ya mizere inayi yatsopanoyo:

```
muzu_Epulo = SHA256(muzu_Malichi + G)
```

Membala ali ndi muzu wa Malichi mu SMS yake. Msungichuma amupatse G yokha. Akalumikiza ziwirizo n'kupeza muzu wa Epulo, ndiye kuti mizere 8 yakale ili momwemo, palibe wochotsedwa, palibe wosinthidwa, palibe wosunthidwa. Ndasankha 8 dala kuti zikhale zosavuta. Malichi akanathera pa 7 kapena 3,917 pakanafunika mahashi angapo, koma osati mazana. Ndasiyanso kabaiti kamene iwo amaika kutsogolo, 0x00 pa tsamba ndi 0x01 pa nthambi, kuti munthu asanamizire nthambi kuti ndi tsamba. Wolemba pulogalamu asakaiwale.

Msungichuma: Nanga ndikalemba 51000 m'malo mwa 15000, muzu n'kupita kale kwa anthu? Zala zimaterereka.

Oditala: Limenelo ndiyankhe ine. Simukonza mzere wakale, mumalemba mzere watsopano wobweza wolakwikawo, kenako wina wolondola. Ndi mmene timaphunzitsira ngakhale pa buku lapepala, kungoti anthu amakonda tipekisi. Apa njirayi ikukakamizani kuchita zoyenera, ndipo mbali imeneyi ndaikonda.

Koma a Nachisale, musawapatse anthu chiyembekezo chopitirira. Kuba kumene ndimakupeza kawirikawiri si kosintha mzere wakale. Ndi kolemba bodza tsiku loyamba lomwe: ngongole ya membala amene kulibe, kapena ndalama yolandiridwa koma osalembedwa n'komwe. Bodza likalowa mu mtengo wanuwo, muzu ulisunga mokhulupirika ngati choonadi. Ndipo mayi uja akatsimikiza mzere wake, wangodziwa kuti wake ulimo. Sakudziwa ngati muli mzere wina wa dzina lake umene sanauonetsedwe.

Nachisale: Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Muzu umanena kuti zolembedwa sizinasinthe kuyambira tsiku lakuti, sunena kuti zinali zoona. Za mzere wobisika wa dzina lake, mankhwala ake ndi akuti pakhale munthu mmodzi kapena awiri, ngati inuyo, opatsidwa buku lonse, owerengera muzu kuchokera pa masamba onse n'kuufananiza ndi wa mu SMS. Ku Certificate Transparency kulinso otero, amene amakopera buku lonse n'kumayang'ana ngati mwatuluka setifiketi ya dzina lawo imene sanapemphe. Mamembala ambiri amayang'ana kanjira kawo, ochepa amayang'ana mtengo wonse.

WaKuJoni: Mwaona, mukubwerera kwa ine pang'onopang'ono. Nanga amalume atakhala ndi mabuku awiri, lina la oditala lina la mamembala, n'kutumiza mizu iwiri yosiyana? Aliyense aona kuti zake zikugwirizana. Bulokotcheni inabwera chifukwa cha zimenezo, kuti onse aziona buku limodzi.

Nachisale: Apa mwalasa, achimwene. Vuto la mabuku awiri ndi lenileni, ndipo masamu okha salithetsa. Limatha pokhapokha olandira mizu akamafananiza zimene alandira. Bitcoin imathetsa zimenezi ndi makompyuta ambirimbiri ndi magetsi ochuluka, chifukwa anthu ake sadziwana ndipo sakumana. Koma a kopaletivu amakumana pansi pa denga limodzi mwezi uliwonse. Oditala awerenge muzu wake mokweza, anthu atsegule mafoni. Ngati pali mizu iwiri ya tsiku limodzi, yonse yochokera pa nambala ya msungichuma, umboni wakwana pomwepo.

WaKuJoni: Mpaka tsiku limene oditala ndi wapampando adzadyere limodzi. Ine ndikanaikabe muzuwo pa Bitcoin, zilipo njira zaulere zochitira zimenezo.

Nachisale: Muzu wokha, osati buku, pamenepo sindikana. Ndi nyuzipepala ija mwa mtundu wina. Koma imangotsimikiza kuti muzuwo unalipo pa tsikulo, siletsa munthu kuikapo mizu iwiri.

Chimz: Ine ndili ndi nkhawa ina. Mwati mayi uja alandira T5, hashi ya mzere wa mnzake, ndipo saona kanthu. Koma ngati ndikudziwa kuti wolembedwa pafupi ndi ine ndi neba wanga, tinalipira tsiku limodzi, ndingoyesa dzina lake ndi 5000, 10000, 15000 mpaka hashi itafanana. Si ndadziwa ngongole yake?

Nachisale: Wadziwadi, ndipo sizitenga sekondi. Hashi siibwezeka m'mbuyo, koma munthu angathe kulota zimene zinalowamo ngati zotheka zili zochepa. Choncho mzere uliwonse uziyamba ndi nambala yachisawawa yaitali, mabaiti 16 akwana, yosiyana pa mzere uliwonse, ndipo isindikizidwe pa risiti ya mwini mzereyo yekha. Wopanda nambala imeneyo alibe poyambira kulota. Kuipa kwake, risiti ikatayika, membalayo afunika kukaipemphanso kwa msungichuma kapena kwa oditala.

Mayi a Tadala: Koma abale, mayi wa kumudzi amene ali ndi kafoni ka mabatani awerengera bwanji zonsezi? Ine ndemwe, mphunzitsi, mutu wazungulira.

Aphunzitsi Opuma: Ndi zimene ndimafuna kunena. Pamapeto pake mayiyo apita kwa mdzukulu wake kapena kwa mnyamata wa pa shopu ya mafoni, amene atsegula pulogalamu n'kumuuza kuti zili bwino. Ndiye wasiya kukhulupirira msungichuma, wayamba kukhulupirira mnyamata ndi pulogalamu. Ngati pulogalamuyo analemba ndi mphwake wa msungichuma, tapita patsogolo pati?

Nachisale: Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano angasankhe yekha womukhulupirira. Lero amene angayankhe funso lake ndi munthu mmodzi, yemwe akumukayikirayo. Ndi muzu mu foni ndi risiti m'manja, angapite kwa mdzukulu, kwa oditala, kwa Chimz, kapena kwa wina wa ku Lilongwe amene sadziwa n'komwe kopaletivuyo, ndipo onse ayenera kupeza yankho limodzi, chifukwa SHA-256 ili pa kompyuta iliyonse. Pulogalamu ya mphwawo ikanama, lamulo la sha256sum la pa kompyuta ina liitsutsa.

Oditala: M'mabuku zili choncho. Koma pa mamembala mazana angapo, ndikukayika ngati angapezeke asanu ochitadi zimenezo. Ine ndikanati a Msungichuma ayambe ndi chaching'ono: kumapeto kwa mwezi atulutse CSV ya mwezi umenewo wokha, aike hashi ya mwezi wathawo pa mzere woyamba, awerengere hashi yatsopano, atumize SMS, kope lipite kwa ine ndi kwa wapampando. Chimenecho ndi tcheni kale, ndipo sichifuna pulogalamu yapadera. Za mtengo zibwere anthu akayamba kufunsa umboni wa mzere umodziumodzi.

Nachisale: Tcheni cha miyezi n'chabwino poyambira, koma dziwani kuipa kwake: wofuna kutsimikiza mzere wake aona ngongole za anzake onse a mwezi umenewo. Ngati malamulo a kopaletivu amalola zimenezo, palibe vuto. Ngati salola, mtengo ukufunika kuyambira tsiku loyamba.

Msungichuma: Kwathu ngongole zimawerengedwa poyera pa msonkhano, koma masheya ayi, ena safuna amuna awo adziwe. Ndiye mwina ndigawe mabuku awiri, la ngongole liyende pa tcheni mwezi uno. Nanga mizere 4,000 yakaleyi ndichite nayo bwanji? Muzu ndikautulutsa lero, ukunena chiyani za chaka chatha?

Oditala: Sukunena kanthu za chaka chatha. Ukungoyambira lero. Mizere yakaleyo iyenera kufananizidwa ndi marisiti apepala kaye, membala aliyense aone yake n'kuvomereza, kenako ndiye mutseke ndi hashi yoyamba. Marisiti a 2023 mudakali nawo onse?

Msungichuma: Ambiri alipo, ali m'katoni ku ofesi. A miyezi iwiri ya dzinja ananyowa denga litadontha, ena sakuwerengeka. Amenewo ndiye sindikudziwa kuti tigwirizana bwanji.

Oditala: Bweretsani katoniyo Loweruka, ndi mabuku a mamembala amene ali nawo. Pamene risiti yafufutika tiona ngati buku la membala ndi sitetimenti ya ku banki zikugwirizana, ndipo mzere umene sitingautsimikize tiulembe kuti ndi wokayikitsa usanalowe mu hashi.